Mmene mungatetezere nkhuku zanyama ku kutentha m'masabata omaliza

Anapiye a sabata imodzi safa ndi dzuwa kawirikawiri, pakuti iwo amafuna kufunda. Zimene zimagwa ndi nkhuku za masabata anayi kupita m'tsogolo, zonenepa bwino, zotsala pang'ono kugulitsidwa, ndipo zoyamba kufa zimakhala zikuluzikulu zomwe, makamaka atambala. Malangizo awa ndi a nthawi imeneyi, m'khola lotseguka m'mbali lodalira mphepo yachilengedwe. Madigiri onse amene nditchule ndi a °C, monga amalembedwera pa choyezera kutentha.

Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo nkhuku ilibe thukuta. Nkhuku yaikulu imakhala bwino mpweya ukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 24. Kukayamba kutentha imatambasula mapiko, kugona chafufumimba pamalo pozizira, ndiponso magazi amathamangira ku lipombo ndi kumiyendo kuti kutentha kutulukire kumeneko. Zimenezi zimathandiza pokhapokha mpweya wozungulira uli wozizirirapo kuposa thupi ndipo ukuyenda. Kutentha kukayandikira madigiri 30, nkhuku imatsala ndi njira imodzi: kuyasamula kukamwa n'kumapuma wefuwefu, kuti madzi a m'njira yopumira aziuma n'kumachotsa kutentha. Kupuma kotereku kumadya mphamvu, kumamaliza madzi m'thupi, komanso kumasokoneza mchere wa m'magazi. Nkhuku imasiya kudya, kukula kumaima, ndipo zikapitirira mtima umalephera.

Kumbukirani kuti kutentha kwa m'khola sikuchokera kudzuwa kokha. Nkhuku ya makilogalamu awiri imatulutsa kutentha kopitirira mawati 10, usana ndi usiku. Nkhuku 500 zimakhala ngati mwayatsa mbaula zamagetsi zingapo m'kholamo n'kuzisiya osazimitsa. Nchifukwa chake ntchito imayambira pa kuwerenga nkhuku.

Choyamba: werengani makilogalamu musanagule anapiye

Alimi ambiri amafunsa kuti, "Nkhuku zingati pa sikweyamita imodzi?" Funsoli limasocheretsa, chifukwa nkhuku khumi za tsiku limodzi ndi nkhuku khumi za masiku 35 ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Chofunika kudziwa ndi kulemera kwa nkhuku zonse pa sikweyamita imodzi pa tsiku limene zidzatuluke m'khola. M'khola lotseguka m'mbali, kumalo otentha, musapitirire makilogalamu 20 mpaka 25 pa sikweyamita. M'miyezi yotentha kwambiri tsitsani kufika pa makilogalamu 16 mpaka 18. Makola otsekedwa okhala ndi mafani akuluakulu amatha kusunga zochuluka kuposa pamenepa, koma musatengere chiwerengero chawo ngati khola lanu likudalira mphepo.

Tiyerekeze khola la mamita 12 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi. Malo ake ndi masikweyamita 60, poyeza mkati mwa makoma. Ngati pakona pena mumaunjikapo matumba a chakudya, malo amenewo achotseni pa chiwerengerocho. Mukufuna kugulitsa nkhuku zikafika makilogalamu awiri, ndipo masabata omaliza agwera m'nyengo yotentha. Tengani makilogalamu 17, muchulukitse ndi 60, mupeza makilogalamu 1,020. Gawani ndi 2, mupeza nkhuku 510, choncho gulani anapiye 500. Ngati ogula anu amafuna nkhuku za makilogalamu awiri ndi theka, khola lomweli lingosunga nkhuku pafupifupi 400. M'nyengo yozizira, pa makilogalamu 24, likanasunga 720 za makilogalamu awiri. Khola ndi lomwelo, koma kusiyana kwake kukuposa nkhuku 200.

Apa ndi pamene mtima umavuta. Anapiye 500 m'khola la masikweyamita 60 amaoneka ochepa zedi, ndipo munthu amaona ngati akuwononga malo. Koma nkhuku zikathithikana, kutentha kwa ina kumalowa mwa inzake, mphepo imangodutsa pamwamba pa misana osafika pansi, ndipo yofooka siitha kudzipanikiza kuti ikafike pa madzi. Ine ndimaona kuti nkhuku 500 zofika kulemera kwake pa nthawi yake zimaposa 700 zimene zikudya chakudya osakula, zina n'kumafa tsiku ndi tsiku. Muwerengenso kalendala: chofunika ndi mmene kudzatenthere sabata yachinayi mpaka yachisanu ndi chimodzi, osati tsiku logula anapiye.

Nanga ngati mwagula kale 700? Zikafika kilogalamu imodzi ndi theka, kumene kumachitika cha m'ma masiku 28, kulemera kwa zonse kumakhala makilogalamu 1,050, kutanthauza makilogalamu 17 ndi theka pa sikweyamita. Malire mwafika kale, ndipo zatsala ndi sabata yathunthu kapena kuposerapo zikukulabe. Yambani kupungula. Sabata iliyonse yezani pa sikelo nkhuku 20 kapena 30 zotengedwa malo osiyanasiyana m'kholamo kuti mudziwe pamene muli, kenako gulitsani zikuluzikulu msanga kapena samutsirani zina m'khola lina. Kugwira nkhuku kuzichitika m'bandakucha kapena usiku. Kuthamangitsa nkhuku masana kukutentha ndi kuzipha ndi manja anu.

Chachiwiri: tsegulani njira ya mphepo, ndipo yezani pamene pali nkhuku

Munthu akaima m'khola amamva kamphepo kumaso n'kuganiza kuti zonse zili bwino, chonsecho nkhuku zili pansi, kuseri kwa kakhoma, kumene mphepo sikufika. Pachikani choyezera kutentha pakati pa khola, pa msinkhu wa mutu wa nkhuku, kutali ndi khoma komanso posafika dzuwa. Chabwino ndi chija chimasunga nambala yapamwamba ndi yapansi ya tsikulo. Kuti muone ngati mphepo ikuyenda, mangirirani tinsanza topepuka pa timitengo, pa msinkhu womwewo, pakati ndi m'makona. Kansanza kamene kangoti lende osagwedezeka kakukuuzani pamene nkhuku ziyambire kufa. Kawirikawiri pamakhala pakati penipeni pa khola lalikulu m'lifupi, kapena pakona poyandikana ndi khoma lalitali.

Mukapeza malo otero, yambani ndi zinthu zosafuna ndalama. Tsegulani makatani kapena masaka onse a m'mbali mpaka kumapeto, ndipo nkhuku zikakhala ndi nthenga zokwanira asiyeni chotsegula ngakhale usiku. Tsukani waya wa m'mbali ndi bulashi. Fumbi, nthenga ndi akangaude zimamatirira pa wayayo pang'onopang'ono mpaka timabowo kuchepa, ndipo mwini khola sazindikira chifukwa amaliona tsiku lililonse. Tchetchani udzu wautali ndi zitsamba zozungulira khola, koma kapinga wamfupi musiyeni, pakuti nthaka yopanda kanthu imabwezera kutentha mkati. Mitengo ya mthunzi ndi yabwino ngati mwaisadza nthambi zam'munsi kuti mphepo izidutsa pansi pake. Chilichonse chotsamira khola, kaya matabwa, migolo kapena milu ya njerwa, chichoke.

Kenako yang'anani denga. Malata amatentha kwambiri masana ndipo amalavulira kutenthako pa nkhuku. Kuwapaka penti yoyera pamwamba kumathandiza, monganso kuyalapo udzu kapena kuika siling'i pansi pake. Pamwamba penipeni pa denga pafunika mpata wotulukira mpweya wotentha, wovindikiridwa kuti mvula isalowe. Denga lizituluka kunja kwa khoma ndi mita imodzi kapena kuposerapo, kuti dzuwa lisamawombe nkhuku. Ngati mbali ina dzuwa lamadzulo likulowabe, ikani chotchinga chapatali pang'ono ngati khonde. Kutsitsa katani kumachotsa dzuwa koma kumatsekanso mphepo.

Amene akumanga khola latsopano aliyale kuti utali wake uloze kum'mawa ndi kumadzulo, kakhoma ka m'mbali kakhale kafupi, masentimita 25 mpaka 30, ndipo m'lifupi lisakule kwambiri. Kutalikitsa khola n'kwabwino kusiyana ndi kulikulitsa m'lifupi.

Ngati muli ndi mafani, aikeni kuti aziuzira motsata utali wa khola, onse kuloza mbali imodzi, mbali yomwe mphepo imalowera nthawi zambiri, ndipo muwaweramitse pang'ono kuti mphepo izikhudza nkhuku. Fani siiziziritsa mpweya. Ntchito yake ndi kuchotsa mpweya wofunda umene wakuta thupi la nkhuku, choncho fani youzira kudenga ikungodya magetsi. Musamazimitse dzuwa likangolowa. Nkhuku imene yatenthedwa tsiku lonse imafuna maola angapo kuti thupi lizizire, ndipo ikagona ikadali yotentha imayamba tsiku lotsatira itafooka kale. Ichi ndi chifukwa chake tsiku lachiwiri ndi lachitatu la kutentha koopsa limapha zambiri kuposa loyamba. Anapiye aang'ono okha ndi amene sayenera kuuziridwa mphepo yamphamvu.

Za kuwaza madzi pafunika kusamala. Kuthira madzi pamwamba pa malata kapena kunyowetsa masaka opachikidwa mbali yochokera mphepo kumathandiza pamene mpweya ndi wouma. Koma pakakhala chinyezi chambiri, monga kukatentha mvula itangogwa, madzi owonjezera m'khola amawononga zinthu, chifukwa kupuma wefuwefu kuja kumadalira kuti madzi aziuma, ndipo m'mpweya wodzaza kale chinyezi sauma. Chinyezi chikapitirira 70 peresenti, siyani kuwaza, limbikirani mphepo yokha. Ndipo madziwo asagwere pa utuchi. Utuchi wonyowa wosakanikirana ndi zitosi umaola, umafunda, n'kutulutsa fungo la amoniya lowawa m'maso. Gwadani pansi pafupi ndi zomwera: ngati maso akuyabwa, nkhuku zikupuma mpweya umenewo tsiku lonse. Chotsani zigawo zonyowazo muthirepo utuchi wouma, ndipo m'nyengo yotentha usakhale wokhuthala kwambiri. Masentimita asanu ndi okwanira.

Chachitatu: madzi okwanira, ozizira, oyandikira

Tibwerere ku nkhuku zathu 500 zija. Pa masiku 35 nkhuku imodzi imadya pafupifupi magalamu 180 pa tsiku, ndiye kuti zonse pamodzi makilogalamu 90. Kukakhala madigiri 21, nkhuku imamwa madzi pafupifupi malita 1.8 pa kilogalamu iliyonse ya chakudya, choncho tsiku lozizira bwino zimwa malita 160 ndi kakuposerapo. Pa digiri iliyonse yopitirira 21, kumwa kumakwera ndi pafupifupi 6.5 peresenti. Pa madigiri 32, omwe ndi madigiri 11 pamwamba, kumwa kwakwera ndi 70 peresenti, ndipo mufunika malita pafupifupi 275. Zoona, kukatentha zimadya mocheperapo, koma pokonza madzi werengerani nambala yaikuluyo. Mgolo wa malita 200 umene sabata yatha unkakwana tsiku lonse, lero utha tsiku lisanathe, ndipo uthera nthawi yoipitsitsa, madzulo nkhuku zili pa ludzu lalikulu. Sungani madzi okwana masiku awiri.

Ngati mumathira madzi ndi manja m'zomwera za malita 10, malita 275 akutanthauza kudzaza chomwera ka 28 pa tsiku. Muli ndi zomwera khumi, ndiye kuti mudzaze zonse katatu, ndipo pakhale munthu wokhala pakhola masana onse. Zomwera zozungulira zopachika, zodzadza zokha, za masentimita 40, zimawerengedwa chimodzi pa nkhuku 125 kukakhala kozizira. M'nyengo yotentha ine ndingaike zowirikiza kawiri, zisanu ndi zitatu pa nkhuku 500. Pa zomwera za timipopi todontha nkhuku ikajompha, kampopi kamodzi kasapitirire nkhuku 10 mpaka 12. Zimwazeni m'khola monse kuti nkhuku isamayende kupitirira mamita awiri. Nkhuku yonenepa yotenthedwa imalolera kugona ndi ludzu kusiyana ndi kudzuka n'kuyenda mtunda. Mlomo wa chomwera ukhale pa msinkhu wa msana wa nkhuku, ndipo muzikweza pamene zikukula.

Kuzizira kwa madzi anthu amakuiwala. Nkhuku zimamwa bwino madzi a madigiri 18 mpaka 21, zimachepetsa kumwa akapitirira 30, ndipo akatentha kuposa thupi lawo zimawakana ngakhale zili ndi ludzu. Thanki yakuda yokhala padzuwa ndi mapaipi oyenda pansi pa malata zimatha kufunditsa madzi mpaka pamenepo. Pisani dzanja m'chomwera cha kumapeto kwa paipi cha m'ma 2 koloko masana: akamveka ofunda kwa inu, kwa nkhuku sakuthandiza. Mangirani thanki mthunzi, kapena ikuteni ndi masaka onyowa, kwirirani mapaipi akunja m'nthaka, ndipo masana tsegulani kumapeto kwa paipi kuti madzi ofunda atayikire kunja kwa khola mpaka atabwera ozizira. Zidutswa za ayezi m'thanki zimathandiza pa tsiku loopsa.

Madzi ofunda amaswanitsanso tizilombo msanga. Tsukani zomwera tsiku lililonse, ndipo pitani chala mkati mwake: kukamveka poterera, pamatirira kale tizilombo timene kutsukuluza kokha sikuchotsa, pafunika kukwecha. Ngati mumathira kolorini, mlingo wake pa chomwera ukhale magawo 3 mpaka 5 pa miliyoni, ndipo pali timapepala toyezera. Musiye kuthira kolorini masiku awiri musanapereke katemera wa m'madzi, apo ayi katemerayo afa. Mankhwala a mchere wobwezeretsa mphamvu ndi vitamini C amathandizako pa masiku otentha, motsatira mlingo wolembedwa pa paketi, ndipo ndi bwino kuyamba m'mawa kutentha kusanafike. Sakanizani atsopano tsiku lililonse, ndipo mukamaliza tsukani thanki ndi mapaipi, pakuti shuga wa m'mankhwalawa ndi chakudya cha tizilombo. Koma musayembekeze kuti paketi ya mavitamini ingapulumutse khola lothithikana lopanda mphepo.

Tsiku limene mukudziwa kuti kutentha kuvuta

Kugaya chakudya kumatulutsa kutentha m'thupi, ndipo kutenthako kumafika pachimake patapita maola angapo nkhuku itadya. Nkhuku yokhuta cha m'ma 10 koloko m'mawa imakumana ndi kutentha kwa m'mimba ndi kwa dzuwa nthawi imodzi. Choncho, kwa nkhuku zopitirira masabata anayi, zipatseni chakudya m'bandakucha, kenako kwezani kapena chotsani zodyera maola pafupifupi asanu ndi limodzi nthawi yotentha kwambiri isanakwane. Ngati kumatentha kwambiri cha m'ma 2 koloko masana, zodyera zichoke cha m'ma 8 koloko m'mawa. Bwezerani chakudya madzulo kukayamba kuzizira, ndipo yatsani nyale usiku kuti zidye zimene zinaphonya. Pobwezera onetsetsani kuti zodyera ndi zokwanira, chifukwa nkhuku zanjala zimakwerana ndi kukandana. Madzi okha sachotsedwa ngakhale pang'ono. Njira imeneyi ndi ya masiku oopsa okha, pakuti mukaichita tsiku lililonse kukula kumachedwa. Kukweza zodyera kumapatsanso nkhuku malo ena ogona motalikirana.

M'mawa ndi chakumasana yendani m'khola pang'onopang'ono, motsata makoma, kuti nkhuku zidzuke. Ikadzuka, kutentha kumene kunatsekeredwa pansi pa chifuwa kumachoka, ndipo zambiri zimapita kukamwa. Yendani mwakachetechete, zizingosuntha phazi limodzi kapena awiri. Zikayamba kuuluka ndi kuunjikana pakona, mwafulumira. Katemera, kuyeza pa sikelo ndi kusintha utuchi zidikire nthawi yozizira.

Muziwerenga zizindikiro monga zikubwerera. Nkhuku zochepa zoyasamula kukamwa ndi mapiko otambasuka ndi chenjezo loyamba. Zikakhala kuti zambiri zikupuma mofulumira, khosi likugunda, zaunjikana pa zomwera ndi m'mbali mwa waya, zitosi zili zamadzimadzi, chitanipo kanthu nthawi yomweyo: mafani onse, madzi ozizira atsopano, kuthira madzi padenga. Imene yagona chammbali, yatambasula khosi ndipo sikuthawa mukaiyandikira, ili pafupi kufa. Itulutseni muiike pamthunzi podutsa mphepo, muviike miyendo ndi kumimba m'madzi ozizira bwino, osati a ayezi, mutu usalowe m'madzi, ndipo musaithire madzi kukamwa mokakamiza chifukwa angalowe m'mapapo. Zina zimadzuka pakapita mphindi zingapo. Zimenezo musazibwezere m'khola mpaka kutazizira.

Pomaliza, lembani nthawi ndi malo amene mwatola nkhuku yakufa iliyonse, chifukwa zimenezi zimasiyanitsa kutentha ndi matenda. Kutentha kumapha zikuluzikulu, kuyambira masana mpaka chakumadzulo, kawirikawiri pamalo amodzimodzi opanda mphepo, ndipo zotsalazo zimatseka kukamwa n'kuyamba kudya kukangozizira. Ngati kupuma movutika kukupitirira usiku ndi m'mawa kuli kozizira, nkhuku zikulira kukhosi, zikutuluka mamina, zitosi zili zobiriwira, khosi likupindika, kapena zikufa zazikulu ndi zazing'ono zomwe nthawi ina iliyonse, ganizirani chitopa kapena matenda ena a m'njira yopumira. Zikatero patulani zodwala, musagulitse kapena kusamutsa nkhuku, ndipo itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.